Masiku 9 amene ndinali ndi pakati ku Salamanca

Kwa masiku 9 ndinali woyembekezera, mwiniwakene ndisakudziwa. Ankadziwa ndi mayi amene ndinkakhala m'nyumba mwawo, mchemwali wawo, ndiponso ndikuganiza kuti mayi wogulitsa buledi pakona paja nayenso anali atamva, chifukwa mmene ankandiyang'anira sabata imeneyo si mmene anandiyang'anira sabata yoyamba. Mimba yonseyo ndinadzipatsa ndekha, patebulo, ndi liwu limodzi la Chisipanishi limene ndinali ndisanalionepo m'buku lililonse.

Ndinapita ku Salamanca, m'dziko la Spain, kukaphunzira semesita imodzi. Chisipanishi changa chinali cha miyezi yochepa, koma ndinali ndi mtima wodzikhulupirira, ndipo chimene chinkandilimbitsa mtima chinali Chingerezi. Aliyense amene wayamba Chisipanishi atadziwa kale Chingerezi amazindikira msanga kuti pali njira yachidule. “Nation” ndi “nación”, “university” ndi “universidad”, “possible” ndi “posible”. Mawu othera ndi “-ed” nthawi zambiri umangowasintha mchira: “complicated” amakhala “complicado”, ndipo ngati ukunena za munthu wamkazi kapena chinthu chachikazi, “complicada”. Izi sizinangochitika mwangozi. Chisipanishi chinabadwa kuchokera ku Chilatini, pomwe Chingerezi chinabwereka mawu ambirimbiri ku Chilatini ndi ku Chifalansa, makamaka Anomani atalanda England mu 1066. Ndiye ukasowa liwu, umangotenga la Chingerezi, nkuliveka chovala cha Chisipanishi, anthu nkukumva. Ndinachita zimenezi kambirimbiri zikuyenda, mpaka ndinaleka kudzifunsa ngati liwu ndalipeka kapena ndaliphunzira.

Lamlungu la sabata yachiwiri mayi aja anakonza chakudya chapadera, naitana mchemwali wawo kuti adzaone mlendo. Anali mayi achikulire, amasiye, okonda kudyetsa anthu. Anatsegula botolo la vinyo, ine nkukana chifukwa sindimwa. Kenako anabweretsa mbale ya “jamón”, nyama yankhumba yothira mchere imene amaiumitsa kwa miyezi yambiri nkuidya osaiphika, yodulidwa mopyapyala ngati pepala. Kwa iwo ndi chakudya cholemekezera mlendo. Kwa ine, mwana woleredwa ndi ndiwo zopsa bwinobwino, inali nyama yaiwisi basi. Ndinakananso. Nkhope zawo zinagwa, ndipo manyazi anandigwira, poti kwathu kukana kawiri chakudya cha eni nyumba ndi mwano. Ndinafuna kuwauza kuti pepani, ndikuchita manyazi. M'mutu munabwera “I am embarrassed”, ndinasintha mchira uja, ndikuyang'ana pansi, nkunena motsitsa mawu kuti: “Lo siento, estoy embarazada.”

Tanthauzo lake: pepani, ndili ndi pakati.

Kunakhala zii pang'ono. Kenako mayi aja anandigwira dzanja nati, “Aa, mwana wanga, usadandaule,” nachotsa mbale ija msangamsanga. Ine mumtima ndinati onani anthu omvetsa zinthu.

Anzanga ambiri ndikawafotokozera nkhaniyi amafunsa kuti, “Nanga bwanji sanakukonze?” Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba. Ukalakwitsa galamala, anthu amamva kuti walakwitsa. Ukati “la problema” m'malo mwa “el problema”, wina amamwetulira nkukuuza zolondola, nkhani nkuthera pomwepo. Koma chiganizo changa chinalibe chilema chilichonse. Mneni “estar” ndi amene amayenda ndi liwu limeneli, mchira wachikazi unali m'malo mwake, katchulidwe kanali komveka. Kuwonjezera apo, zonse zinkagwirizana. Mtsikana wakana vinyo. Wakana “jamón”, imene ku Spain amayi oyembekezera ambiri amalangizidwa kuti aipewe poopa matenda a tokisopulasimosisi. Walankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. Mayi aja akanakayika pati? Ndikadati “muy embarazada”, kuyesa kunena kuti ndachita manyazi kwambiri, mwina akanatukula nsidze, chifukwa si mmene munthu amaululira nkhani yotereyi. Koma ine ndinalakwitsa mwaukhondo.

Mawu otere ali ndi dzina. Mu 1928 anthu awiri a ku France, Maxime Koessler ndi Jules Derocquigny, anatulutsa buku la mawu a Chingerezi amene amapusitsa omasulira, nawatchula kuti abwenzi achinyengo. Dzinali linafalikira, ndipo m'Chisipanishi amati “falsos amigos”. Ndi mawu a zinenero ziwiri amene amaoneka kapena kumveka mofanana koma matanthauzo ake ndi osiyana. Ine dzinali ndimaliona ngati lowalakwira pang'ono mawuwo, chifukwa ambiri mwa iwo si achinyengo ayi. Ndi pachibale chenicheni, kungoti anakulira kosiyana.

Taonani “embarazada” yemweyu. Mneni “embarazar” poyamba ankatanthauza kutsekereza, kupinga, kulepheretsa munthu kuyenda momasuka, ndipo tanthauzo limeneli likadalimo m'madikishonale. Afalansa analitenga nkukhala “embarrasser”, Angerezi nkulitenga kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1600. Kwa Angerezi, kupingika kuja kunalowa mumtima: munthu wosowa pogwira pamaso pa anthu, wamanyazi. Kwa Asipanishi kunalowa m'thupi: mayi wolemedwa, amene sangayende ngati kale. Ife sitiyenera kudabwa nazo. Nkhani ya mimba timaizungulira chimodzimodzi. Timati ali ndi pakati, ndi woyembekezera, ndi wodwala. Mlendo wophunzira Chichewa atamva kuti “mlamu wanu ndi wodwala” akhoza kuthamangira kukagula panado. Zinthu zimene anthu amachita nazo manyazi kuzitchula poyera amazibisa m'mawu wamba, ndipo m'kupita kwa zaka liwu lawambalo limasanduka dzina la chinthucho. Nchifukwa chake abwenzi achinyengo ochititsa manyazi kwambiri amaunjikana pamalo amodzi: thupi, chimbudzi, kuchipinda.

Chopweteka mutu nchakuti chibale chija sichinatheretu. Asipanishi amanenadi kuti “una situación embarazosa”, kutanthauza zochitika zochititsa manyazi, ndendende ngati m'Chingerezi. Ndiye kuti zochitika zikhoza kukhala “embarazosa”, koma iwe ukakhala “embarazada” wayamba sikelo. Chimene ndinayenera kunena tsiku lija ndi “me da vergüenza”, zikundipatsa manyazi, kapena kungofuula kuti “¡qué vergüenza!” Ku Mexico ndi ku Colombia mudzamva “me da pena”, koma ku Spain “pena” ndi chisoni, ndiye nalonso lili ndi malire ake.

Tibwerere kunyumba kuja. Lolemba m'mawa khofi wanga anasanduka mkaka. Ndinaganiza kuti khofi watha. Tikuchokera kumsika anandilanda jumbo ya mbatatesi, mayi a zaka zoposa agogo anga, ine nkumayenda manja lendelende. Ndinaganiza kuti ndi ulemu wa kumeneko. Ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati ndagona bwino, ngati mseru ukundivuta. Liwu la mseru sindinkalidziwa, ndiye ndinkangoti “sí, sí” monga timachitira tonse tikafuna kuti nkhani idutse. Lero ndikakumbukira “sí, sí” ameneyo ndimafuna kulowa pansi.

Tsiku la 9 madzulo anakhala nane pansi kukhitchini. Analankhula pang'onopang'ono kuti ndimve liwu lililonse. Anati ayenera kundiperekeza kwa dokotala, kuti si bwino kukhala chonchi osapimidwa. Kenako anafunsa mafunso awiri: “¿De cuántos meses estás?” ndi “¿Lo sabe tu madre?” Miyezi ingati? Mayi ako akudziwa? Anapitiriza kunena kuti ngati ndikuopa, iwo akhoza kupita kukalankhula ndi a ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, kuti aone za inshuwalansi ndi mmene angandithandizire.

Apa mpamene thukuta linatuluka. Nkhani ikanafika ku ofesi, ikanatha kufika kwa amene ananditumiza, ndipo tonse tikudziwa kuti mbiri ya mtsikana ikanyamuka sibwerera ndi kalata yopepesa. Mayi anga akanamva kuti mwana amene anagulitsira mbuzi kuti apeze ya pasipoti watenga mimba asanathe ndi mwezi womwe. Ndinatulutsa foni, manja akunjenjemera, nkulemba liwu lija m'dikishonale. Nditawerenga ndinangoti “No, no, no,” kenako ndinayesa kufotokoza ndi Chisipanishi chothyokathyoka, ndikuloza nkhope yanga, ndikuloza mbale. Mayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka mpaka kugwira tebulo, misozi ili mbwembwembwe, nanyamula foni kuimbira mchemwali wawo ine ndili pomwepo.

Patapita milungu ingapo ndinakumana ndi m'bale wake wa liwu lija, koma ulendo uno ndinamugwira asanandigwetse. Buledi wa tsiku ndi tsiku, masamba ochepa, madzi osamwa mokwanira chifukwa cha kuzizira: ndinadzimbidwa. Ndinapita kufamase nkuuza mayi wogulitsa mankhwala kuti “estoy constipada”. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anayamba kufunsa: ukutsokomola? Mamina akutuluka? Thupi latentha? Pakhosi pakupweteka? Dzanja lake linali litafika kale pa shelefu ya mankhwala a chimfine. Ndikanakhala wa mwezi woyamba uja ndikanangoti “sí, sí” nkutuluka ndi mankhwala olakwika. Koma ndinali nditaphunzira chinthu chimodzi kukhitchini kuja: yankho likakhala lachifundo, lomveka, koma losagwirizana ndi zimene ukuganiza kuti wanena, vuto lili pa liwu lako. Ndinaloza pamimba nkunena kuti sindikutha kupita kuchimbudzi. “Ah, estreñida,” anatero, dzanja nkusamukira pa shelefu ina.

Ku Spain “constipado” ndi chimfine. Mawu onse awiri, la Chingerezi ndi la Chisipanishi, anachokera ku mneni wa Chilatini “constipare”, kupanikiza zinthu pamodzi mpaka kutsekeka. Angerezi anasankha kutsekeka kwa m'matumbo, Asipanishi kwa mphuno. Ndipo poti Chisipanishi chimalankhulidwa m'mayiko ambiri, nkhani sithera pamenepo: ku Argentina munthu akati “constipado” akhoza kukhala akunenadi za kudzimbidwa. Choncho mndandanda wa mawu umene mwaloweza ukhoza kukhala woona ku Madrid koma wosakwanira ku Buenos Aires.

Ena a m'banja lomweli ndingowatchula modutsa, poti kalasi yathu ya alendo inawalawa pafupifupi onse. Mnyamata wina wa ku America anafunsa m'sitolo ngati jamu ali ndi “preservativos”, akufuna kudziwa za mankhwala oteteza chakudya kuti chisaonongeke. Anali atafunsa ngati m'jamu muli makondomu. Liwu loyenera ndi “conservantes”. Amene munakhalako ku Tete kapena ku Angonia mukanamupulumutsa, chifukwa m'Chipwitikizi “preservativo” ndi kondomu yomweyo. Wina anauza aphunzitsi kuti ali “excitada” ndi ulendo wa kalasi, osadziwa kuti liwuli nthawi zambiri limamveka ngati chilakolako cha kuchipinda. Akanati “emocionada” kapena “me hace ilusión”. Palinso lina limene limaluma chobwerera. “Molestar” m'Chisipanishi ndi kungosokoneza kapena kuvutitsa munthu, moti pazitseko za mahotela pamalembedwa “No molestar”. Koma mnzathu wolankhula Chisipanishi akalitengera ku Chingerezi nkunena kuti lekichala wina amamuchita “molest”, pomwe akungodandaula za ntchito yambiri, wamuneneza munthu mlandu wogwiririra.

Tonse timaseka nkhani zimenezi, ndipo nzosekadi. Koma pali ina imene inandichotsa phwete. Mu Januwale 1980, mnyamata wa zaka 18 dzina lake Willie Ramirez anafika naye pachipatala china kum'mwera kwa Florida atakomoka. Abale ake, ochokera ku Cuba, ankalankhula Chisipanishi, ndipo pofotokoza anagwiritsa ntchito liwu lakuti “intoxicado”. M'Chisipanishi liwuli limanena za munthu amene wadwala chifukwa cha chimene wadya kapena kumwa, monga chakudya choonongeka. Iwo ankaganiza kuti chamupweteka ndi chakudya chimene anadya tsikulo. Koma khutu la Chingerezi limamva “intoxicated”, woledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo anamuthandiza ngati munthu amene wamwa mankhwala mopyola muyezo. Chenicheni chinali chakuti magazi ankatuluka mu ubongo. Pamene izi zinadziwika, patadutsa masiku, zinthu zinali zitaonongeka kale: anafa ziwalo, manja ndi miyendo yomwe. Mlandu wake unathera pa chipukutamisozi cha madola pafupifupi 71 miliyoni. Onani kuti njira yake ndi yomweyo ya patebulo panga. Liwu linamveka lodziwika, linagwirizana ndi zimene omvera ankayembekezera kwa mnyamata wa msinkhu umenewo, ndipo palibe amene anaona chifukwa chofunsira kawiri.

Anthu ambiri amati mankhwala ake ndi kuloweza mndandanda: “éxito” ndi kupambana osati khomo lotulukira, “librería” ndi sitolo ya mabuku osati laibulale, “carpeta” ndi fayilo yosungira mapepala osati kapeti, “actualmente” ndi “masiku ano”. Sindikutsutsa, ine ndinaloweza. Koma mndandanda umakuthandiza powerenga, pamene liwu lili pamaso pako ndipo uli ndi nthawi. Polankhula zimakhala zina. “Embarazada” sindinalimasulire molakwika kuchokera papepala. Ndinalipanga ndekha m'kamphindi, ndi lamulo limene linali lisanandikhumudwitsepo, ndipo mwatsoka linapezeka kuti lilipo kale, lili ndi ntchito ina. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kuphunzira kusiyanitsa m'mutu mwanga liwu limene ndinalimva kwa eni chinenero ndi liwu limene ndangoliumba. Loumba ndekhalo ndimaligwiritsabe ntchito ndikamakamba za ndale kapena za maphunziro, poti kumeneko mawu a Chilatini ambiri sanasiyane kwenikweni. Koma nkhani ikafika pa thupi langa, pa mmene ndikumvera mumtima, kapena kwa dokotala, ndimalankhula ndi mawu aafupi amene ndikuwadziwa, ndipo ndimanena kawiri m'njira ziwiri zosiyana. Ndikafika kunyumba ndimakaliona m'dikishonale ya Chisipanishi chokhachokha, ya bungwe la Real Academia Española, imene ili pa intaneti mwaulere, chifukwa dikishonale ya zinenero ziwiri imangokupatsa liwu lofananira koma sikuuza malo amene liwulo limakhala.

Chinanso chimene sindinkayembekezera: ndinayamba kulakwitsa mochepa nditasiya kudutsira ku Chingerezi pa zinthu zina. Angerezi amati “I am hungry”, ngati kuti munthuyo ndiye njalayo. Asipanishi amati “tengo hambre”, ndili ndi njala, monga ife. “Tengo sed”, ndili ndi ludzu. “Tengo miedo”, ndili ndi mantha. Kutentha nakonso amati “tengo calor”, ndipo amene amamasulira “I am hot” liwu ndi liwu nkunena kuti “estoy caliente” amagwera m'dzenje lomwe lija la “excitada”. Ndikanaganiza m'Chichewa tsiku lija, kuti ndili ndi manyazi, ndikanafunafuna dzina la manyazi, ndikanalisowa, ndikanafunsa, ndipo khofi wanga sakanasanduka mkaka. Tilinso ndi timphatso tathu timene tinalandira kudzera kwa Apwitikizi. Tsiku loyamba mayi aja atandionetsa chipinda nati “la cama”, sindinafunikire womasulira: kama ndi kama. “Zapato” ndi nsapato. “Carta”, imene anzanga a Chingerezi ankaisokoneza ndi khadi kapena ngolo, ine ndinaimva ngati kalata, ndipo ndi kalatadi. Zaka zonse za kusukulu tinazolowetsedwa kuti chinenero chatsopano chilichonse tizichifikira kudzera ku Chingerezi, moti sizinandibwerere m'mutu kuti nthawi zina chinenero cha kwathu ndicho chili pafupi.

Mayi aja sanaiwale. Mpaka tsiku lonyamuka, ndikangolowa kukhitchini m'mawa ankandiyang'ana pamimba nkufunsa ndi nkhope yosaseka kuti mwana wagona bwanji. Chakudya chotsanzikana anaikanso mbale ya “jamón” patsogolo panga, mchemwali wawo ali pompo, onse akundidikira. Ndinatenga kachidutswa kamodzi. Kanali kamchere kwambiri, koma ndinameza. Mayi anga nkhaniyi ndinawauza ndekha nditabwerako, titakhala pakhonde, ndipo funso lawo loyamba silinali la mimba ayi. Anafuna kudziwa ngati ndinadyadi nyama yosaphika.